Masamu a Zotsala: Kupeza Yotsala ya Pawa Yaikulu ndi Malamulo a Kugawika

Kalasi ya masamu ya Loweruka, Rosettenville. Pepala la phunziro 6, la ophunzira a Giredi 10 mpaka 12. Mubwere ndi pensulo ndi kope. Kalikuleta ikhale m'chikwama mpaka titafika pomwe ikufunika.

Tanthauzo la chizindikiro ≡

Basi yanyamuka pa Park Station 10 koloko m'mawa, ndipo ulendo wa ku Lilongwe watenga maola 41. Yafika nthawi yanji? 10 + 41 = 51, ndipo 51 kugawa ndi 24 ndi 2, yotsala 3. Yafika 3 koloko m'bandakucha. Masiku awiri athunthu aja tawataya chifukwa sasintha zomwe wotchi ikuonetsa. Timalemba 51 ≡ 3 (mod 24).

Choncho a ≡ b (mod m) akutanthauza kuti a ndi b zimasiya yotsala yofanana zikagawidwa ndi m, kapena kuti m imagawa a − b popanda chotsala. Nambala m timaitcha modyulasi. Chizindikirochi anachiyambitsa ndi Carl Friedrich Gauss m'buku lake la mu 1801. Yotsala imakhala pakati pa 0 ndi m − 1, basi.

Phunziro lonseli latsamira pa lamulo limodzi: pophatikiza, pochotsera ndi pochulukitsa, muli ndi ufulu wochotsa nambala iliyonse n'kuikapo yotsala yake, nthawi ina iliyonse. Kuti mupeze yotsala ya 38 × 47 pogawa ndi 9, palibe chifukwa chofikira pa 1786. Popeza 38 ≡ 2 ndipo 47 ≡ 2, yankho ndi 4. Chepetsani msanga, nambala isanakule.

Kugawa kokha ndiko kulibe ufulu umenewu. N'zoona kuti 6 ≡ 16 (mod 10), koma mukagawa mbali zonse ndi 2 mupeza 3 ≡ 8 (mod 10), lomwe ndi bodza. Mungagawe pokhapokha ngati nambala yogawirayo ndi modyulasi zilibe fakitala yofanana kupatula 1. Apa 2 imalowa mu 10, n'chifukwa chake zasokonekera.

Nambala zochepera 0 musaziope. −17 ≡ 3 (mod 5), chifukwa −17 + 20 = 3: mumangophatikizapo modyulasi mpaka mutafika pakati pa 0 ndi m − 1. Nthawi zambiri zimafupikitsa ntchito. Yotsala ya 12^51 pogawa ndi 13 imaoneka yoopsa, koma 12 ≡ −1, ndipo −1 kuichulukitsa yokha ka 51 ndi −1, ndiye kuti yankho ndi 12.

Pawa yaikulu: njira ya kuzungulira

Zotsala ndi zowerengeka, ndiye mukamachulukitsa nambala yomweyo mobwerezabwereza, zotsalazo ziyenera kuyamba kubwerera. Tipeze dijiti yomaliza ya 7^2026, yomwe ndi yotsala pogawa ndi 10.

7^1 ≡ 7
7^2 = 49 ≡ 9
7^3 ≡ 9 × 7 = 63 ≡ 3
7^4 ≡ 3 × 7 = 21 ≡ 1

Mukangoona 1, imani. Mzere 7, 9, 3, 1 uzibwerera pa masitepe 4 aliwonse. Tsopano 2026 = 4 × 506 + 2, choncho 7^2026 ≡ 1^506 × 7^2 ≡ 9.

Apa pali misampha iwiri yomwe imadya malikisi chaka ndi chaka. Woyamba ndi kugawa ekisiponenti, nambala yaing'ono yapamwamba ija, ndi modyulasi. Wophunzira akafuna 2^10 (mod 7) amati 10 ≡ 3, ndiye 2^3 = 8 ≡ 1. Koma 1024 = 7 × 146 + 2, yankho ndi 2. Nambala yapansi ndiyo imachepetsedwa ndi modyulasi. Yapamwamba imachepetsedwa ndi kutalika kwa mzere wobwerera, komwe pano ndi 3 (2, 4, 1). 10 kugawa ndi 3 imasiya 1, ndipo 2^1 = 2.

Wachiwiri umabwera ekisiponenti ikagawika ndendende. Madijiti omaliza a mapawa a 2 ndi 2, 4, 8, 6. Pa 2^100, 100 kugawa ndi 4 imasiya 0, ndipo ena amathamangira kulemba 2^0 = 1. Pawa ya 2 singathere ndi 1. Yotsala 0 ikutanthauza malo omaliza a mzerewo, ndiye yankho ndi 6.

Mzere ukatalika: kusikweya mobwereza

Pa modyulasi ngati 23, mzere ungathe kufika masitepe 22, ndipo kuulemba wonse n'kutaya nthawi ya mayeso. Njira yomwe siikanika ndi iyi. Tipeze 7^83 (mod 23). Yambani ndi 7, muzichulukitsa yotsala iliyonse ndi iyo yomwe, n'kuchepetsa nthawi yomweyo:

7^1 ≡ 7
7^2 = 49 ≡ 3
7^4 ≡ 3 × 3 = 9
7^8 ≡ 81 ≡ 12
7^16 ≡ 144 ≡ 6
7^32 ≡ 36 ≡ 13
7^64 ≡ 169 ≡ 8

Taimira pa 64 chifukwa 128 yapitirira 83. Kenaka phwanyani 83 potenga yaikulu yomwe ingalowe: 83 − 64 = 19, 19 − 16 = 3, 3 − 2 = 1. Ndiye 83 = 64 + 16 + 2 + 1, ndipo 7^83 ≡ 8 × 6 × 3 × 7. Chulukitsani ziwiriziwiri: 48 ≡ 2, kenaka 2 × 3 = 6, kenaka 6 × 7 = 42 ≡ 19. Yankho ndi 19. Onani kuti maekisiponenti tawaphatikiza koma zotsala tazichulukitsa; wolemba 8 + 6 + 3 + 7 wasakaniza ziwirizi.

7^83 ili ndi madijiti 71, pomwe kalikuleta ya kusukulu imaonetsa 10 okha oyambirira. Yotsala imadalira madijiti onse, kuphatikizapo omwe yabisawo, choncho pawa yonse musaiike pa kalikuleta. Ntchito yake ndi ya tizidutswa: 5000 ÷ 23 = 217,39…, tengani 217, 217 × 23 = 4991, yotsala ndi 9. Madijiti 39 a pambuyo pa koma aja si yotsala.

Chidule cha Fermat ndi cha Euler

Pierre de Fermat analemba mu 1640 kuti ngati p ndi nambala ya pulayimu ndipo p siigawa a, ndiye a^(p−1) ≡ 1 (mod p). Leonhard Euler anapereka umboni wake mu 1736. Pa funso lathu lija, 7^22 ≡ 1 (mod 23), ndipo 83 = 22 × 3 + 17, ndiye 7^83 ≡ 7^17 = 7^16 × 7 ≡ 6 × 7 ≡ 19. Njira ziwiri zagwirizana.

Musanaigwiritse ntchito, fufuzani ngati modyulasi ilidi pulayimu. Pa 15, 2^14 ≡ 4, osati 1. Komanso lamuloli silitembenuzika: 2^340 ≡ 1 (mod 341), chonsecho 341 = 11 × 31.

Modyulasi ikakhala yosakhala pulayimu, m'malo mwa p − 1 timaika φ(m), chiwerengero cha manambala kuyambira 1 mpaka m omwe alibe fakitala yofanana ndi m kupatula 1. φ(100) = 40. Madijiti awiri omaliza a 3^2026 timawapeza motere: 2026 kugawa ndi 40 imasiya 26, ndipo popeza 3^10 ≡ 49 ndi 3^20 ≡ 2401 ≡ 1, tatsala ndi 3^6 = 729, ndiye 29.

Pa 2^2026 musanene kuti 2^40 ≡ 1 (mod 100), chifukwa 2 imalowa mu 100. Kunena zoona 2^40 imathera ndi 76. Phwanyani 100 kukhala 4 × 25. Pogawa ndi 4 yotsala ndi 0. Pogawa ndi 25, φ(25) = 20, 2026 imasiya 6, ndipo 2^6 = 64 ≡ 14. Mwa 14, 39, 64 ndi 89, yogawika ndi 4 ndi 64 yokha.

Amene mukuphunzira kulemba mapulogalamu, onetsetsani mayankho mu Python:

```
pow(7, 83, 23)   # 19
-17 % 5          # 3
```

Mu C, Java ndi JavaScript, -17 % 5 imapereka -2, ndiye muphatikizepo 5.

Malamulo a kugawika

Ambiri munawaloweza ku pulayimale osauzidwa chifukwa chake. Onse amachokera pa funso limodzi: 10 imasiya chiyani?

Pogawa ndi 9 kapena 3, 10 ≡ 1, choncho 100, 1000 ndi ena onse amasiya 1, ndipo nambala imasiya yotsala yofanana ndi ya madijiti ake ophatikizidwa. Pogawa ndi 4 kapena 25, 100 ≡ 0, ndiye madijiti awiri omaliza okha ndiwo ali ndi ntchito; pa 8 ndi atatu, chifukwa 1000 = 8 × 125.

Pogawa ndi 11, 10 ≡ −1, choncho timasinthanitsa kuphatikiza ndi kuchotsera. Pa 581537: 7 − 3 + 5 − 1 + 8 − 5 = 11, ndiye imagawika. Yambirani kumanja nthawi zonse. Pa 7264, kuyambira kumanja kumapereka 4 − 6 + 2 − 7 = −7 ≡ 4, yomwe ndi yotsala yolondola; kuyambira kumanzere kumapereka 7. Pongofufuza kugawika mbali ilibe kanthu, koma pofuna yotsala ili ndi kanthu.

Pa 7 pali malamulo angapo, koma wofunika kuusunga ndi uwu: 1001 = 7 × 11 × 13, ndiye 1000 ≡ −1 pa atatu onsewa. Dulani nambala m'magulu a madijiti atatu kuchokera kumanja. Pa 2 853 109: 109 − 853 + 2 = −742. Popeza 742 = 7 × 106, nambalayi imagawika ndi 7. Pa 13, 742 imasiya 1, ndiye −1 ≡ 12. Pa 11 imasiya 5, ndiye −5 ≡ 6.

Pa 12 yesani 3 ndi 4, osati 2 ndi 6: 18 imagawika ndi 2 komanso 6, koma osati 12. Zidutswazo zisakhale ndi fakitala yofanana. Pa 24 ndi 3 ndi 8, pa 99 ndi 9 ndi 11.

Malamulowa amathandizanso kugwira zolakwika. 487 × 64 = 31168: pogawa ndi 9 tili ndi 1 × 1 = 1, ndipo 3 + 1 + 1 + 6 + 8 = 19 ≡ 1. Koma mukalemba 31186 molakwika, 9 sadziwa, poti madijiti ndi omwewo. 11 ndiye amagwira: 3 × (−2) = −6 ≡ 5, 31168 imasiya 5, pomwe 31186 imasiya 1. Dijiti ya 13 ya nambala ya chitupa cha kuno ku South Africa imagwiranso ntchito yotereyi, pogwiritsa ntchito mod 10.

Ntchito ya kunyumba

Lembani sitepe iliyonse. Yankho lokha lopanda njira silipatsidwa malikisi.

1. Lero ndi Lachitatu. Pakatha masiku 100 lidzakhala tsiku lanji?
2. Pezani dijiti yomaliza ya 13^444.
3. Pezani yotsala ya 2^100 pogawa ndi 7.
4. Pezani yotsala ya 6^123 pogawa ndi 11.
5. Mu 52x74, x ndi dijiti imodzi. Ikhale chiyani kuti nambalayi igawike ndi 9? Nanga ndi 99?
6. Pezani yotsala ya 1 234 567 pogawa ndi 8.

Mayankho, oti muwaone mutamaliza: (1) Lachisanu, (2) 1, (3) 2, (4) 7, (5) 0 kapena 9, koma pa 99 ndi 0 yekha, (6) 7.