Mgwirizano wa Lendi ya Nyumba ya Banja ku Chilomoni

Lero Loweruka, pa 22 Febuluwale 2025, tagwirizana ife a Wyson Kachingwe, amene tikuyang'anira nyumba ya malemu bambo athu m'malo mwa ana onse anayi, ndi muphwa wathu Chikondi Mbewe, mwana wa mlongo wathu Nasibeko. Nyumbayi ili ku Nthukwa, Chilomoni, mumzinda wa Blantyre. Ndi ya zipinda zogona zitatu, yofolera ndi malata, yamumpanda.

1. Chikondi alowa pa 1 Malichi 2025, ndipo mgwirizano utha pa 28 Febuluwale 2026. Kupitiriza kudzafuna kalata yatsopano.

2. Lendi ndi K180,000 pamwezi, yolipiriratu pasanadutse pa 5. Ndalama idzitumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba ya a Kachingwe, ndipo uthenga wotsimikizira usungidwe ngati lisiti. Mtengowu tatsitsa chifukwa Chikondi ndi mwana wapakhomo, koma si mphatso: ndalamayi ndi imene imagulira agogo ake mankhwala a BP ndi feteleza kumudzi ku Ntcheu. Ikachedwa, ovutika ndi iwowo. Zikavuta, anene mwezi usanathe, osati kungokhala chete. Ngongole ikafika miyezi iwiri, mgwirizano watha.

3. Chikole cha mwezi umodzi, K180,000, chaperekedwa lero. Chidzabwezedwa potuluka, titachotsapo za zimene zawonongeka.

4. Mayunitsi a ESCOM ndi bilu ya Blantyre Water Board ndi za Chikondi. Msonkho wa kukhonsolo ya mzinda, denga, mpanda ndi ming'alu ya zipupa ndi za banja. Magalasi, maloko, mipopi yodontha ndi kutchetcha pabwalo aone yekha.

5. Kukhala m'nyumbamu, ngakhale zaka zichuluke, sikumupatsa Chikondi umwini, ndipo sikukhudza gawo la mayi ake kapena la abale ena. Asagulitse, asapinyolitse, asachititse lendi chipinda, asamange kapena kugumula popanda kalata yathu. Akakonza chinthu titavomereza, abweretse malisiti tichotsere pa lendi.

6. Chipinda chakumapeto, mmene muli sutikesi, makina osokera ndi mabuku a malemu, chikhala chokiya, ndipo kiyi akhala ndi ife. Mtengo wa mapeyala umene adabzala malemu usadulidwe.

7. Pakagwa zovuta kapena pakakhala chinkhoswe, abale adzasonkhana pakhomopa monga kale. Kupatula apo, wachibale asabwere kudzagona osapempha kwa Chikondi. Ifenso tikafuna kuyendera nyumba tidzanena kutatsala masiku awiri.

8. Wofuna kuthetsa mgwirizano apereke notisi yolemba ya miyezi iwiri. Tikasemphana, nkhani iyambe yakambidwa pamaso pa akuluakulu a banja. Ikakanika, ipite kubwalo la majisitireti.

Tawerenga, tamvana, ndipo aliyense watenga kope lake.

Wasaina: Wyson Kachingwe, woyang'anira nyumba
Wasaina: Chikondi Mbewe, wochita lendi
Mboni: Esnart Kachingwe (Nasibeko), mayi a Chikondi
Mboni: Lameck Banda, woyandikana naye nyumba