Yamikani, kalata ija sinali yochokera mumtima, iyi ndalemba ndekha

Yamikani,

Ndine Madalitso wa fomu 3, wa mu hositelo mwanu uja. Nambala ya foniyi ndapatsidwa ndi achimwene ako nditawapempha, ndawauza kuti akufunse kaye ngati ukufuna kuwerenga, ukakana angoidilita basi osakukakamiza. Palibe wandituma, ahedi sakudziwa, abodingi masitala sakudziwa, ngakhale bambo anga sakudziwa kuti ndikulemba.

Ndiyambe ndi kalata ija ndinawerenga pa asembule nditabwerako ku sasipenshoni. Inali yabodza. Mawu ake anandiuza a komiti ya disipulini ine ndikungokopera, nde ndinaikamo mawu anga amodzi okha oti "ngati ndinakulakwira undikhululukire", ngati ndani? Ndimadziwa bwinobwino kuti ndinakulakwira. Ndimawerenga maso ali pa pepala, mtima uli pa mayeso a temu 3 kuti andilole ndilembe, ndipo nditamaliza anyamata kumbuyo anaseka ine nkumwetulira nawo. Iwe unandiona, ndikudziwa unandiona. Kenako anakuuza kuti undigwire chanza pamaso pa sukulu yonse, dzanja lako linali lozizira ndipo sunandiyang'ane. Tsiku limenelo tinakuzunzanso kachiwiri, wokhululukidwa ndinali ine, wochititsidwa manyazi unali iweyo.

Nde pano ndikufuna nditchule zimene ndinachita chimodzichimodzi, chifukwa mu kalata ija munangolembedwa kuti "khalidwe losayenera" ngati ndinachedwa ku pulepu.

Dzina la Chigayo ndinayambitsa ndine. Sabata yoyamba ya temu 1 mu Seputembala, iwe ukudzitchula dzina chibwibwi chinakugwira pa "Ya" paja, ine nkunena kuti chigayo chikukanika kulira, hositelo yonse inafa nacho chiseko ndipo dzinalo linafika mpaka mkalasi mwanu, mpaka kwa atsikana. Ndinkakudzutsa magetsi atazima nkukuimika pakati pa mabedi kuti uwerenge buku la Chichewa mokweza, ukakakamira ine ndimamenya pa sutikesi ngati ndikuliza injini. Sikamodzi ayi, ndawerenga masiku amene ndikukumbukira akupitirira 10. Ndinkakuchapitsa masokosi ndi malaya anga Loweruka lililonse ndi sopo wako. Ndinatenga shuga wako paketi ya 1 kg, botolo la chiponde, ndi K5,000 imene inali mkati mwa Baibulo lako, ndipo utafunsa ndinakumenya khofi. Mu Juni kukuzizira chonchija ndinathira madzi bulangete lako, unagona utavala yunifomu utadzipinda pa matilesi onyowa, mmawa ukunjenjemera pa mzere wa phala ine ndikukuona. Pamenepo ndi pomwe pulifekiti anakanena.

Zonsezi ndinachita ine. Inde panali anzanga amene ankaseka ndi kuthandizira koma sindiwatchula muno, aliyense adziyankhira yekha, woyambitsa ndinali ine. Ku komiti kuja ndinanena kuti inenso ananditiza ndili fomu 1, kuti tizing'i ndi mwambo wa kubodingi. Zoti ananditiza ndi zoona koma ndinazinena pofuna kuti chilango chichepe. Ndikaganiza pano zikungowonjezera mlandu wanga, chifukwa ine ndimadziwa mmene zimawawira kulilira mu bulangete kuti anzako asamve, ndipo ndikudziwa choncho ndinakusankha iwe poti unali wamng'ono komanso sukanatha kundiyankha msanga.

Chimene chandipangitsa kulemba si sasipenshoni ayi, masabata awiri aja ndinangokhala pakhomo ndikukwiyira iweyo ndi pulifekiti. Ndi mayi ako. Tsiku la mlandu lija atafika ku ofesi, fumbi lili mmiyendo atatsika pa kabaza, sanandikalipire ngakhale pang'ono. Anangondiyang'ana nkunena kuti, "Mwananga, chiponde chija mtedza wake ndinakazinga ndi kusinja ndekha usiku, chifukwa mnzakoyu nyemba zimamupweteka mmimba." Kenako anauza ahedi kuti pa holide ya Isitala unasiya kuyankhula pakhomo, umangogwedeza mutu, ngakhale kutsogolera pemphero la pa chakudya lomwe unkalikonda unasiya. Nthawi imeneyo ndinaziumitsa mtima, koma mawuwo sanandichoke. Holide ino tsiku lina ndinapeza mayi anga akusinja mtedza wa mchemwali wanga wamng'ono amene wasankhidwa kupita fomu 1, thukuta lili kamukamu, akupakira mu botolo ndi supuni kuti pasatsale kanthu mu mtondo. Ndinalephera kudya nsima tsiku limenelo. Ndinawafotokozera zonse, ngakhale za ndalama zija zomwe ku komiti ndinakana.

Eya, ku komiti ndinakana za K5,000 ndipo ena anayamba kunena kuti unangoitaya wekha ukunamizira anthu. Sunaname. Ndinaitenga ine, ndinadyera mandasi ndi zigege. Tikatsegulira ndikanena kwa abodingi masitala kuti zilembedwe mu buku lawo, kaya andipatsanso chilango ndilandira.

Mwezi uno wa Ogasiti ndakhala ndikugwira ganyu youmba njerwa kwa aneba. Ndalama yako yakwana, ya shuga, ya sopo, ndi mtedza ndagula mayi andithandiza kusinja. Sindinapemphe kwa makolo chifukwa akanalipira iwo pa zomwe ndinadya ine. Ndalamayo nditumiza pa foni ya achimwene ako mawa, zinazo ndikasiya kwa abodingi masitala kuti usavutike kukumana nane. Usazitenge ngati ndikugula chikhululuko chako chonde, ndi zako kale, ndikungobweza. Tulo tomwe unataya ndi mawu omwe unasiya kuyankhula sindingabweze, pamenepo ndilibe chonena.

Za dzina lija ndi zomwe zikundivuta kwambiri chifukwa linachoka kale mmanja mwanga, anthu ena akulitchula osadziwa nkomwe komwe linachokera. Ndalemba kale pa gulupu ya WhatsApp ya kalasi yathu kuti ndinayambitsa ndine ndipo ndinalakwa, ena andiseka akuti ndalowa tchalitchi, ena angokhala chete, palibe kanthu. Ndikamva wina akukuitana choncho ndimuletsa pompo, ndipo ma fomu 1 amene akubwerawa palibe amene adzachape sokosi langa kapena kuimikidwa usiku ine ndilipo. Ndipemphanso kuti andisamutse hositelo kuti usamandione ukamagona ndi podzuka. Koma ngati ukuona kuti kukuikira kumbuyo pagulu kukuwonjezera manyazi, uwauze achimwene ako andiuze, ndichita mmene iwe ukufunira osati mmene ine ndikuganizira.

China, mwina si malo anga kunena koma ndinena. Usiku uja unkawerenga ndakatulo ija, pakati pake chibwibwi chinakusiya unawerenga ndime yonse bwinobwino mawu ako akumveka hositelo yonse, anyamata anakhala zii. Ine ndinamenya sutikesi dala kuti usokonezeke chifukwa zinandipweteka kuti ukuwerenga bwino kuposa ine. Vuto silinali pakamwa pako.

Pepa Yamikani. Pepa chifukwa cha dzina, khofi, bulangete, ndalama, ndi bodza lomwe ndinakunamizira pamaso pa mayi ako. Iwonso uwapepesere, kapena akalola ndidzabwera ndi mayi anga kudzapepesa ndekha pakhomo.

Sukuyenera kuyankha meseji iyi. Sukuyenera kundikhululukira lero, kaya chaka chino, kaya nkomwe, ndipo tikakumana ku dayining'i usandipatse moni ngati mtima sukufuna, sindidzadandaula kwa munthu. Zomwe ndalonjeza muno ndichita ngakhale usayankhe.

Ndine,
Madalitso