Amalume, nayi masamu ya lole ija: tigule kapena tizingopanga hayala

Amalume, ndakhala pansi ndi mabuku a zaka zitatu zapitazi monga munanenera paja, ndiye ndajambula kamtengo kamene timaphunzira kusukulu kaja. Nthambi iliyonse ndi njira imene tingatenge, kenako imagawikanso malinga ndi mmene zokolola zingakhalire. Ndawerengera chaka chimodzi chokha, ntchito yake yomweyi yotuta soya ndi chimanga ku Mchinji ndi Kasungu kubwera nazo ku Kanengo.

Tiyambe ndi kugula. Lole yogwirapo kale ntchito ija akuti K60 miliyoni, ndipo titati tiigulitse pakatha chaka ndikuona ngati ingapite pa K52 miliyoni, ndiye K8 miliyoni yapita pamenepo. Inshulansi, COF, sevisi ndi malipiro a dalaivala ndi K10 miliyoni. Zonse K18 miliyoni, iyiyi timalipira kaya lole ikuyenda kaya yangokhala pabwalo nkhuku zikubisalamo dzuwa. Kasitomala amatipatsa K900,000 pa tiripu, tikachotsa dizilo, matayala ndi ya anyamata okweza matumba imatsala K500,000.

Pa hayala mwini lole amatenga K750,000 dizilo ndi dalaivala zake zomwe, ife kutsala ndi K150,000 basi. Ndi yochepa inde koma tsiku lopanda katundu sitiluza kanthu.

Mwayi wa zokolola ndaika chonchi, ndipo apapa ndi kuganiza kwanga poona mabuku athu, mukhoza kunditsutsa: chaka chabwino 30% matiripu 80, chapakatikati 50% matiripu 50, choipa 20% matiripu 20. Chinthu chimodzi, chaka chabwino pa hayala ndaika 60 osati 80, chifukwa mukukumbuka Juni uja aliyense akusaka lole, ife matumba ataunjikana pa sikelo masiku anayi kudikira munthu amene ankangoti ndikubwera ndikubwera.

Mtengo wake ndi uwu, ndalama zili mu mamiliyoni:

```
KUGULA
  chabwino  30%: 80 x 0.5 - 18 = 22
  chapakati 50%: 50 x 0.5 - 18 = 7
  choipa    20%: 20 x 0.5 - 18 = -8
  EMV = 0.3x22 + 0.5x7 + 0.2x(-8) = 8.5
  kuwonongeka 25% x 8 = 2
  EMV yotsala = 6.5
HAYALA
  chabwino  30%: 60 x 0.15 = 9
  chapakati 50%: 50 x 0.15 = 7.5
  choipa    20%: 20 x 0.15 = 3
  EMV = 0.3x9 + 0.5x7.5 + 0.2x3 = 7.05
```

EMV imeneyi musaitenge ngati ndalama yoti ilowa m'thumba ayi, ndi avereji chabe, phindu la nthambi iliyonse kuchulukitsa ndi mwayi woti zichitike kenako nkuphatikiza. Palibe chaka chimene tidzapeze 6.5 yeniyeni, kukhala 22, 7 kapena kuluza 8, ndipo lole ikawonongeka tichotseponso 8 ina.

Mzere wa kuwonongekawo ndi umene wasintha zonse. Ndisanauike kugula kumawina, 8.5 pa 7.05, ndipo ndinatsala pang'ono kukuimbirani kuti kagwireni loleyo. Kenako ndinakumbuka giyabokosi ya lole yathu yakaleyi mmene inatidyera ndalama, ndiye ndaika mwayi umodzi pa inayi woti injini kapena giyabokosi ifa chaka choyamba, mtengo wake K8 miliyoni kuphatikiza matiripu otayika ili kwa makaniko. Zikatero hayala ikupambana ndi K550,000 yokha, yomwe kunena zoona ndi pafupifupi phindu la tiripu imodzi ya lole yathuyathu.

Ndinayesanso kusuntha manambala. Chaka chabwino chikakhala 40%, chapakati 45%, choipa 15%, kugula kukupita pa 8.75 pomwe hayala ili pa 7.4, ndiye zatembenuka. Malire ake ali pa matiripu 58, kupitirira pamenepo lole yogula ikulipira, kuchepera apo bola hayala.

Ine maganizo anga chaka chino tipange hayala. Chikundiopsa si 550,000 ija koma nthambi ya pansiyo, chaka choipa kuphatikiza injini kufa ndi K16 miliyoni yotuluka, pomwe pa hayala chaka choipitsitsa timatsalabe ndi 3. Ndipo masamu onsewa ndapanga ngati K60 miliyoni tili nayo m'manja, mukakatenga ina ku banki chiwongola dzanja chikhala pamwamba pa 18 ija. Komanso ndalama imeneyo ndi yomwe timagulira soya mu Epulo mitengo isanakwere.

Koma kampani ya mafuta ophikira ija ikasaina kontirakiti ya matiripu 60 imene munkanena, mundiuze tsiku lomwelo ndikonzenso mtengowu, chifukwa pamenepo nthambi ya choipa ija ndiichotsa. Loweruka ndibwera ndi pepala lake, muwauze aunt asaphike nsima yochepa.