Kumasulira malamulo a kopaletive yathu kwa mamembala atsopano

Mamembala olemekezeka, chikalata chino chikufotokoza ndime zitatu za malamulo athu zomwe mumafunsa kwambiri. Muchiwerenge msonkhano waukulu wa pachaka usanafike.

Udindo wanu

Membala aliyense agule masheya osachepera 5, ndipo amalize kulipira pasanathe miyezi 6 chilowereni. Palibe wololedwa kukhala ndi masheya opitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a masheya onse.

Zokolola zomwe munalembetsa muzigulitse kudzera ku kopaletive. Lamulo limeneli ndi lomwe limaphwanyidwa kawirikawiri. Komiti imachita pangano ndi wogula potengera matumba olembetsedwa, ndiye ena akagulitsa mwamseri katundu amaperewera, wogula amatsitsa mtengo kapena kutisiya, ndipo ovutika amakhala amene anasunga pangano.

Wojomba misonkhano itatu motsatizana popanda chifukwa amalandira kalata ya chenjezo. Kuchotsa membala ndi mphamvu ya msonkhano waukulu wokha, mwini wakeyo atapatsidwa mpata wodziteteza.

Kuvota

Membala mmodzi, voti imodzi. Wa masheya 5 ndi wa masheya 50 amafanana mphamvu, ndipo apa ndi pomwe timasiyana ndi kampani. Kuvotera mnzanu amene sanabwere nkoletsedwa. Amene ngongole yake yapitirira nthawi yobwezera angathe kulankhula, koma savota kapena kupikisana pa udindo.

Mlembi amaitanitsa msonkhano kutatsala masiku 21. Ofika akapanda kukwana theka la mamembala, chilichonse chomwe chagwirizanidwa sichigwira ntchito. Komiti ya anthu 9 imasankhidwa pa voti yachinsinsi ndipo imakhala zaka zitatu. Kusintha malamulo kumafuna mavoti a anthu awiri mwa atatu aliwonse opezekapo.

Kagawidwe ka phindu

Ndalama zonse zomwe talandira pogulitsa si phindu ayi. Timayamba tachotsa zolipira mayendedwe, nyumba yosungiramo katundu, malipiro a antchito ndi ngongole. Kenako katswiri wowerengera ndalama wochokera kunja kwa kopaletive amaunika mabuku, ndipo msonkhano waukulu umavomereza. Zisanachitike izi, msungichuma sagawa kanthu.

Pa 100 iliyonse yotsala, 25 imapita ku thumba losungira, 5 ku maphunziro a mamembala, 10 imagawidwa molingana ndi masheya, ndipo 60 molingana ndi katundu amene munthu anabweretsa. Ngati tonse tinasonkhanitsa matumba 2,000, inu nkubweretsa 40, mudzalandira gawo limodzi mwa magawo 50 a ndalama za gawo lomalizali. Tinakonza dala kuti gawo lalikulu lipite kwa obweretsa katundu, chifukwa phindulo limachokera kwa iwo. Choncho sungani malisiti anu a pasikelo, poti ndiwo umboni pakabuka kusamvana.

Thumba losungira siligawidwa, ngakhale kwa membala amene akutuluka. Wotuluka amalandira mtengo wa masheya ake titachotsapo ngongole. Chaka chomwe taluza sitigawana kalikonse, ndipo thumba limeneli ndi lomwe limatseka chiphakocho.