Malamulo a maakaunti ndi mapasiwedi

Kwa ogwira ntchito nonse pa ofesi yathu ya ku Msasa, muno mu Harare.

Kuyambira Lolemba likubwerali, akaunti ija timalowera tonse pa makompyuta atatu a kutsogolo itsekedwa. Aliyense alandira yakeyake, kuti invoisi ikasinthidwa tizidziwa amene waisintha.

Pasiwedi ikhale ya zilembo zosachepera 15. Lumikizani mawu anayi osagwirizana, kaya a Chichewa kaya a Chishona. Dzina la mwana wanu, tsiku lobadwa ndi nambala ya foni ayi, zimenezo mnzanu wa pa desiki amazidziwa kale. Ya pa Facebook musabwere nayo kuno.

Sitikukakamizani kusintha mwezi ndi mwezi, chifukwa munthu akatopa amangowonjezera 1 kumapeto, kenako n'kulemba pa kapepala n'kumata pansi pa kiyibodi. Koma mukakayikira kuti wina waiona, sinthani tsiku lomwelo, ndipo uzani Mayi Phiri.

Mukamadzuka, ngakhale mukungopita kukatenga tiyi, dinani `Windows + L` kuti mukiye kompyuta. Kompyuta ikafunsa zosunga pasiwedi, kanani.

Akaunti yoikira mapulogalamu ikhala ndi Mayi Phiri ndi ine basi. Wosiya ntchito, akaunti yake titseka tsiku lotsanzikana.

Ndine,
Bambo Banda, Manijala