Kalata kwa makolo a ana amene akuchedwa kusukulu

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Landirani moni kuchokera kuno kusukulu. Kalatayi sitinatumize kwa aliyense. Yafika kwa inu chifukwa mwana wanu walembedwa m'kaundula wa ochedwa kopitirira kasanu chitsegulireni teremu yachitatuyi.

Belu limalira 7:15 m'mawa ndipo maphunziro amayamba 7:30. Koma ana ena akumafika 8 koloko itadutsa, ena pafupifupi 9 koloko, phunziro la masamu litatha kale. Ena, tinene mosabisa, akumangotulukira nthawi ya phala, kapu ili m'manja. Mwana wotere mawa lake samva kanthu m'kalasi, chifukwa masamu a lero amakhala pa masamu a dzulo. Akalephera mayeso mu Julaye n'kubwereza kalasi, mlandu umagwera aphunzitsi.

Kuzizira kwa Juni kuno ku Dedza tikukudziwa, nafenso timadzuka m'chifunga chomwecho. Tikudziwanso kuti ena amachokera kuseri kwa phiri ndipo alibe juzi. Amenewa tidzawamvetsa. Koma titawafunsa anawo mmodzimmodzi, ambiri sanatchule mtunda. Wina amayamba wathirira kudimba, wina kukatunga madzi kumjigo kumene kumakhala mzere wautali, wina kusenza kachewere kupita naye kumsewu pa tsiku la msika. Aliponso amene amanyamuka kunyumba nthawi yabwino n'kuima pa vidiyo, inu mukuyesa kuti ali m'kalasi. Sitikuletsa mwana kugwira ntchito zapakhomo, ayi. Tikupempha kuti azigwira akaweruka kapena Loweruka. Madzi atungidwe madzulo.

Titakambirana ndi komiti ya sukulu, tagwirizana kuti kuyambira Lolemba likubwerali, mwana akachedwa adzalowabe m'kalasi. Sitimubweza, sitimukwapula, ndipo phala adzamwa. Dzina lake lidzalembedwa, ndipo adzatsalira mphindi 30 anzake akaweruka kuti alembe zimene zinamudutsa, aphunzitsi ali pomwepo. Akachedwa katatu pa sabata imodzi tidzakuitanani, ndipo mudzabwere nokha, osatuma mkulu wake wa mwanayo. Mukapanda kubwera kawiri konse, nkhaniyi tidzaitula kwa amfumu a m'mudzi mwanu.

Ngati pali vuto lenileni, kaya matenda, maliro, kaya mwana akukhala ndi agogo okalamba, musadikire kuitanidwa. Ofesi yanga ndi yotsegula Lachiwiri ndi Lachinayi kuyambira 1 koloko masana, ndipo zimene tidzakambirane zidzathera momwemo. Pa nkhani za ana aakazi zimene simungamasuke kundiuza ine, onanani ndi amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulu pano. Ngatinso mukuona kuti mwana wanu talemba molakwika, bwerani tidzaone kaundula limodzi.

Chonde sainani kapena dindani chala kuseri kwa kalatayi, ndipo mwana abwere nayo Lachisanu lino kwa aphunzitsi a kalasi yake.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu