Kanyali kotsiriza

Thiransifoma ya mumsewu mwathu idaphulika Lachitatu usiku, mvula ili mkati. Pofika Lachisanu, mdadada wonse wa nyumba za lendi udali utadziwa kuti kwathu kuli pawabanki.

Idali yakuda, yokalikakalika m'mbali, kumbuyo kwake kolembedwa 10000 mAh. Bambo ankapita nayo kuntchito komwe kuli jenereta, n'kubwera nayo madzulo tinyali take tonse tinayi tikuyaka. Foni yaikulu inkaidzaza kawiri basi, kachitatu n'kuthera panjira. Choncho amayi adaika lamulo: aliyense mphindi 20, foni ikhale yozimitsa, ndipo osaigwiragwira ili pachingwe. Ankasunga nthawi ndi wotchi yapakhoma. Anthu ankadikira pakhonde pathu, ena omwe kale tinkangopatsana moni wapamsewu.

Loweruka ndi Lamulungu bambo sapita kuntchito. Pofika Lamulungu madzulo kadatsala kanyali kamodzi, ndipo kadali kanga. Manotsi onse a mayeso a Lolemba adali mufoni yanga, yomwe idazima m'mawa.

Nditangolumikiza chingwe, tidamva kugogoda.

"Odi kuno!"

Adali agogo a nyumba yakumapeto, atafumbata kafoni kawo kamabatani.

"Pepani ana anga, ndabwera usiku. Mdzukulu wanga adapita naye kuchipatala masana, matenda ayamba. Adati andiimbira, koma aka kafa."

Amayi sadandiuze kanthu. Adangondiyang'ana. Ine ndidayang'ana kanyali kaja, pakhosi pali gwaa. Sabata yonse ndidali kudikira, ndipo sindidalumphepo mzere ngakhale kamodzi.

Ndidazula foni yanga.

Chingwe chathu sichidalowe, kabowo ka foni yawo kadali kamtundu wakale. Mng'ono wanga adathamanga mumdima khomo ndi khomo, mpaka adabwera ndi chingwe choyenera, mwini wake akumutsatira pambuyo ndi tochi. Enanso adatuluka. Posakhalitsa pabalaza pathu padadzaza anthu, onse maso pakafoni kamene kadali pampando.

"Timafoni iti sitidya moto wambiri," adatero bambo. "Mphindi zochepa zokha kadzuka."

Kadadzukadi. Kenako zii. Kandulo idafupika, kanyali kadayamba kuphethira. Agogo adali atapinda manja pachifuwa, milomo ikugwedera osatulutsa mawu.

Mwana wa mwini chingwe uja adandikodola. "Mayeso ake ndi a sayansi? Mkulu wanga adalemba chaka chatha, kope lake lilipo." Adapita kukalitenga.

Ndidali patsamba lachitatu pomwe kafoni kadalira. Agogo adakanika kudina batani, manja akunjenjemera, mpaka amayi adawadinira.

"Halo? Eya, ndine... Bwanji?"

Tonse tidasiya kupuma.

"Wamkazi! Nanga amake ali bwanji?" Adamvetsera, kenako misozi idatsika. "Ali bwino. Onse awiri ali bwino."

Amayi adaimba nthungululu, nyumba zoyandikana n'kuyankha mumdima. Kanyali kadali katazima kale, palibe adaona nthawi yake. Bambo adatola pawabanki ija n'kuiika m'chikwama cha kuntchito, ine ndidakokera kandulo pafupi ndi kope.